Musanakhudze sikiripiti ya malipiro

Achimwene a Banda,

Kuyambira Lolemba sikiripiti ya malipiro a pa foni ili m'manja mwanu, koma ndakusiyirani chilema chimodzi chomwe sindinachikonze. Chili mu `retry_payment()` m'fayilo ya `payments.py`.

Netiweki ikamavuta, kasitomala amalemba `PIN` bwinobwino, ndalama n'kuchoka, koma yankho limatipeza mochedwa. Sikiripiti imangodikira masekondi 30, kenako imaganiza kuti zalephereka n'kutumizanso pempho. Choipa n'chakuti potumizanso imapanga nambala yatsopano:

```python
ref = uuid.uuid4().hex
```

Ndiye kumbali ya kampani ya foni amaona ngati ndi malipiro ena. Munthu akavomeranso, amadulidwa kawiri. Lachinayi mayi wina wa ku Area 25 analipira K18,500 kawiri ndipo anaimba atakwiya kwambiri. Sindikuwanena, ndalama ndi zawo. Tinawabwezera pamanja.

Pakadali pano ndaika `MAX_RETRIES=0` mu `.env`. Chonde musaikweze, ngakhale a kumalonda adandaule kuti malipiro ena akukhala pa `PENDING`. M'mawa uliwonse muziyang'ana mu `payments.log` ngati nambala imodzi ya foni yalipira ndalama zofanana kawiri m'mphindi zochepa.

Maganizo anga: `ref` izipangidwa kamodzi n'kusungidwa pamodzi ndi oda, ndipo tisanatumizenso tiziyamba tafunsa ngati pempho loyamba linadutsa. Ndinayamba pa nthambi ya `fix-retry` koma sindinayese, musaikhulupirire.

Ndili ku Mzuzu mpaka pa 14, foni ikhala yotsegula madzulo.

Ine wanu,
Chisomo