Mawu kwa achinyamata tisanayime pa tarawehe

Assalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.

Matamando onse ndi a Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wathu Muhammad. Ana anga, anyamata kutsogolo kuno ndi asungwana kumbuyoko, futali tadya, tende ndi madzi zalowa, tsopano ndibwerekeni makutu pang'ono Isha isanakwane.

Lero lino ambiri mwa inu munali kusukulu, ena kushopu ku Kamwala, ena kunyamula katundu kumsika wa Soweto muno mu Lusaka. Masana aja dzuwa lili paliwombo, ndani akanakuonani mutagula madzi pa kantemba n'kumwera kuseri? Amayi anu kunalibe, ine kunalibe. Simunamwe chifukwa mumadziwa kuti Allah akukuonani. Mu Kurani, sura ya Bakara ndime 183, Allah akuti kusala kwalamulidwa kwa inu monga kunalamulidwira kwa amene analipo inu musanadze, kuti mukhale oopa Allah. Lamuloli linatsika m'chaka chachiwiri Mtumiki atasamukira ku Madina, ndipo cholinga chake ndi mantha omwe aja anakugwirani dzanja masana.

Tsono chimandidetsa nkhawa ndi ichi. Munthu wakana madzi, omwe ndi ololedwa, koma bodza ndi miseche, zomwe ndi haramu chaka chonse, akuzimeza osatsamwa. Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, anati amene sasiya kunena bodza ndi kuchita zabodza, Allah alibe nazo ntchito zoti iye wasiya chakudya ndi chakumwa chake. Mawu amenewa ndi olemera. Mukhoza kumva njala kuyambira daku mpaka Magharibi n'kutuluka nayo njala yokhayokha.

Anatiphunzitsanso kuti kusala ndi chishango, ndipo wina akakutukwana kapena kukuputa unene kuti: "Ine ndikusala." Mayeso ake muwapeza madzulo, basi yadzaza, msewu wa Kafue watsekeka ndi magalimoto, kondakitala akuchedwa ndi chenji chanu, mutu ukuwawa. Pamenepo ndiye nenani mawu aja, ndipo muyambe kudziuza nokha musanauze iyeyo. Wamphamvu, malinga ndi Mtumiki, ndi amene amadzigwira pa nthawi ya mkwiyo.

Za foni ndinene mosabisa. Maso nawo amasala. Kuchezera usiku pa zithunzi zosayenera, kutumizirana nkhani za mwana wa eni pa gulu, kubetcha pa mpira ndi ndalama ya thiransipoti, zonsezi zimadya malipiro a tsiku lanu. Kubetcha ndi juga, ndipo Kurani inaletsa juga pamodzi ndi mowa. Amene wagwidwa nazo abwere tikambirane awiri, sindidzamuyalutsa.

Njala yathuyi ili ndi ola lake lothera. Tikudziwa kuti dzuwa likalowa mbale ifika. Koma ku Kanyama, ku Chawama, ngakhale mumsewu mwanu momwemo, muli makomo amene akagula kapamela kamodzi ka ufa ndiye chakudya cha tsiku lonse, ndipo mvula ino madzi alowa m'nyumba zina. Ibn Abbas anasimba kuti Mtumiki anali wopatsa kuposa anthu onse, ndipo m'Ramadhani ankapatsa koposa.

Wina ati, "Shehe, ine ndilibe kanthu." Zakati ya chuma, 2.5 pa 100 iliyonse, ndi ya amene chuma chake chafika mlingo woikika n'kukhala nacho chaka chathunthu. Ambiri a inu simunafikepo. Zakatul fitri amakuperekerani makolo, pafupifupi makilogalamu 2.5 mpaka 3 a chakudya pa munthu aliyense wa m'nyumba, swala ya Idi isanachitike. Koma sadaka ilibe mlingo. Mtumiki anati dzitetezeni ku Moto ngakhale ndi theka la tende. Ndalama ija mumagulira chakudya cha masana mwezi uno ikupita kuti? Ngati ndi K10 pa tsiku, masiku 30 ndi K300. Amene alibiretu, manja ali nawo: kutungira madzi agogo, kusesa mumzikiti, kuthandiza kuphika futali.

Popereka samalani ulemu wa wolandira. Musamujambule, musamutchule pa gulu, musadzamukumbutse mawa. Ndime 264 ya sura ya Bakara ikutichenjeza kuti tisaononge sadaka zathu ndi kukumba ndi kuzunza. Ndipo mnansi wanjala musayambe mwamufunsa kumene amapemphera.

Bokosi tiika pakhomo kuyambira usiku uno mpaka Lachisanu. Loweruka ikatha Asri ndikufuna anyamata ndi asungwana odzipereka kuti timange timatumba ta ufa, nyemba ndi mafuta, tikapereke kwa amasiye ndi okalamba omwe amayi a komiti awalemba kale. Lembetsani maina mukatha kuswali. Allah alandire kusala kwathu ndi kwanu. Amene udhu wamuthera apite tsopano, muadhini wayimirira kale.