Dzenje lakuda ndi malire ake osabwererako

Ana anga a m'kalabu ya sayansi,

Lachisanu lapitali, belu litalira kale, mtsikana wina wa Giredi 10 ananditsatira pakhomo n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi dzenje lakuda lidzameza dziko lathu?" Ndinangoti ayi, koma yankho lapakhomo lija silinandikhalitse mtima pansi. Ndiye ndalemba pepalali kuti muwerenge tisanakumane pabwalo la mpira Loweruka usiku.

Dzinali limasocheretsa. Dzenje lakuda, limene m'mabuku mwanu limatchedwa bulakiholo, si dzenje ngati la zinyalala kuseri kwa kalasi. Ndi malo amene zinthu zolemera koopsa zapanikizana pamalo ochepa kwambiri, mpaka mphamvu yokoka yakula moti palibe chimene chingachokepo.

Ponyani mwala m'mwamba, ubwerera. Kuti usabwerere, uyenera kunyamuka pa liwiro la makilomita 11.2 pa sekondi imodzi. Pamwamba pa Dzuwa pangafunike makilomita oposa 600 pa sekondi. Kuwala ndiye katswiri, kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndipo palibe chokuposa. Mu 1783 John Michell, m'busa wa ku England, anafunsa kuti: nanga itapezeka nyenyezi yokoka kwambiri moti ngakhale kuwala n'kulephera kuthawa? Albert Einstein anafotokoza mphamvu yokoka mwatsopano mu 1915, kuti chinthu cholemera chimapinda malo ndi nthawi, ndipo Karl Schwarzschild, ali msilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anawerengera kukula kwa malire a malo otere.

Masamu akewo ndi oti mutha kuwasunga m'mutu. Kulemera kwa Dzuwa limodzi kumapereka makilomita atatu kuchokera pakati kufika pa malire. Dzenje lolemera ngati madzuwa 10 ndi makilomita 60 kuchokera mbali ina kufika ina, mtunda wosafika n'komwe wa Chipata ndi Katete. Dziko lathu lonseli, ndi mapiri ake ndi nyanja zake, mukadalifinya kuti likhale dzenje lakuda likadakhala mamilimita 18 okha, ngati chipatso chimodzi cha masau.

Maenje ambiri amabadwa nyenyezi yaikulu ikafa, yolemera kuposa Dzuwa ka 20 kapena kupitirira. Ili moyo, moto wa m'kati mwake umakankhira kunja pamene kulemera kwake kukukankhira m'kati. Motowo ukatha, chapakati chimagwa n'kudzipsinja chokha. Dzuwa lathu ndi lopepuka, silidzafika pamenepo.

Tsopano malire aja, amene asayansi amawatcha iventi horaizoni. Apa ndi pamene ndikufuna mudekhe. Ganizani msodzi ali m'bwato pa Zambezi, kumtunda kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Kutali, madzi akuyenda pang'onopang'ono ndipo akhoza kupalasa n'kubwerera. Akamayandikira, madzi amawonjezera liwiro. Pali penapake pamene madzi amathamanga kuposa mmene mkono wake ungapalasire. Pamenepo palibe mpanda, palibe chikwangwani, madzi akuoneka chimodzimodzi ndi a kumbuyo. Koma akangodutsapo, ngakhale alozetse bwato kumtunda n'kupalasa ndi mtima wonse, akupitabe kumathithi. Pa dzenje lakuda, mtsinjewo ndi malo enieniwo, ndipo wopalasa wamphamvu kuposa onse ndi kuwala. Malirewo si khoma loti n'kuligunda. Ndi pamene njira yobwerera yathera.

N'chifukwa chake ndinati ayi. Kutali ndi malire, dzenje limakoka monga chinthu china chilichonse cholemera mofanana nalo. Dzuwa litasinthidwa lero ndi dzenje lolemera chimodzimodzi, patapita mphindi zisanu ndi zitatu kungagwe mdima ndipo kuzizira kungatsatire, koma dziko lingapitirize kuzungulira m'njira yake yomweyi. Komanso dzenje lapafupi kwambiri limene lapezeka, Gaia BH1, lili pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka zoposa 1,500.

Nanga chimene chayandikira chimaona zotani? Zambiri sizigwera m'kati molunjika. Mpweya wokokedwa kuchokera ku nyenyezi yoyandikana umayamba wazungulira, monga madzi m'beseni mukawatakasa ndi dzanja, n'kupanga chimbale chachikulu. Wam'kati umathamanga kuposa wakunja, umakhulana, n'kutentha mpaka madigiri mamiliyoni ndi kutulutsa cheza cha ekisire, chonga chija amajambulira mafupa kuchipatala. Umu ndi mmene dzenje lotchedwa Cygnus X-1 linadziwikira. Mpweya wina suloŵa n'komwe, umalavulidwa kutali m'mizere iwiri yopyapyala. Choncho pafupi ndi chinthu chakuda kwambiri pamakhala kuwala koopsa.

Tiyerekeze kuti munthu akugwa, miyendo patsogolo. Mapazi ali pafupi ndi dzenje kuposa mutu, ndiye akukokedwa kwambiri kuposa mutu, pamene m'mbali thupi likufinyidwa. Amatalika n'kuwonda ngati thonje likamapotedwa kukhala ulusi, mpaka kuduka tizidutswa. Chimene chimandidabwitsa mpaka lero n'chakuti dzenje laling'ono ndiye lankhanza. La madzuwa 10 lingamukhadzule asanafike n'komwe pa malire. Lalikulu kwambiri, malire ake ali kutali ndi pakati, moti angadutse ali wathunthu, osamva kanthu, monga msodzi uja.

Mnzake wotsala kutali amaona zina. Mphamvu yokoka imachedwetsa nthawi, ndipo zimenezi si nthano: mawotchi a masetilaiti a GPS amakonzedwa chifukwa nthawi yawo siyenda mofanana ndi yathu pansi pano. Tinene kuti wakugwayo akuyatsa tochi kamodzi pa sekondi. Wotsalayo adzaona tochi ikuchedwa kuphethira, kuwala kwake kukufiira, kenako kukuzilala mpaka kuzimiririka, koma sadzamuona akuwoloka. Wakugwayo, wotchi yake ikuyenda bwinobwino. Onse awiri akunena zoona.

M'kati mwa malire, njira iliyonse imalowera pakati. Kupewa pakatipo kuli ngati kupewa mawa. Pa dzenje la pakati pa Mlalang'amba wathu, Sagittarius A*, lolemera ngati madzuwa 4 miliyoni, ulendo wochokera pa malire kufika pakati ndi wa mphindi pafupifupi imodzi. Pakati penipenipo masamu a Einstein amasiya kupereka yankho lomveka, ndipo asayansi akulimbana nazobe. Chodziwika n'chakuti kulemera kwa chogweramo sikutayika. Kumawonjezera pa kulemera kwa dzenje, malire n'kukula pang'ono.

Musaganize kuti zonsezi ndi za pabolodi chabe. Pa 14 Seputembala 2015 makina a LIGO ku America anamva kunjenjemera kwa malo kochokera ku maenje awiri amene anagundana n'kukhala limodzi. Mu Epulo 2019 tinaona chithunzi choyamba, cha dzenje la M87*, lolemera ngati madzuwa 6.5 biliyoni: mphete yowala, pakati pake mdima. Cha Sagittarius A* chinatuluka mu Meyi 2022.

Loweruka tifike cha m'ma 21:00, ndipo mubwere ndi majuzi chifukwa Julayi uno sakuseka. Miyezi yozizirayi pakati pa Mlalang'amba pamadutsa pafupifupi pamutu pathu, mwayi umene anzathu a ku Ulaya alibe. Tidzayamba tapeza nyenyezi za Chinkhanira, n'kutsata mchira wake mpaka pamene Mlalang'amba wakhuthala. Dzenjelo sitidzaliona, koma ndidzakulozerani pamene lili, kuseri kwa fumbi, pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 26,000. Amene muli ndi matochi muwakute ndi pulasitiki yofiira kuti maso asachedwe kuzolowera mdima.

Ndine mphunzitsi wanu wa fizikisi.