Malangizo a Agogo: Kadonthezedwe ka Mankhwala a M'maso ndi a M'khutu a Mdzukulu Wanu

Agogo, kuchipatala kuja mwana anali kulira ndipo mzere unali wautali, choncho ndalemba pano zonse zimene tinakambirana. Mdzukulu wanu wamkulu uja akuwerengereni, ndipo pepalali lizikhala m'kabuku ka kuchipatala ka mwanayo.

Mwapatsidwa timabotolo tiwiri tofanana kwambiri. Kamene ndamatapo pulasitala yojambulidwa diso ndi ka m'maso, mankhwala ake ndi kuloramufenikolo. Kojambulidwa khutu ndi ka m'khutu, sipurofulokisasini. Musanadontheze, yang'anani kaye chithunzicho, makamaka madzulo magetsi akazima. A m'khutu asapite m'maso.

M'maso: dontho 1 m'diso lililonse, ka 4 pa tsiku, masiku 5. Nthawi zake ndi 6 koloko podzuka, 12 koloko masana, 4 koloko madzulo ndi 8 koloko pogona. Tayamba lero Lachitatu, mudzamaliza Lamlungu.

M'khutu lakumanzere lokha: madontho 3, ka 3 pa tsiku, masiku 14. Nthawi zake ndi 6 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 8 koloko usiku.

Muyeso umenewu adokotala alembera mwana uyu, wa zaka 2 ndi miyezi 8, atamuona. Wina akadwala maso pakhomopo abwere naye kuchipatala, musamugawire kabotoloka.

Tiyambe ndi maso, popeza nkhondo yaikulu ili pamenepo. Sambani m'manja ndi sopo. Manthongo aja muwapukute ndi kansalu koyera kapena thonje loviika m'madzi owiritsa amene azirala, kuyambira cha kumphuno kupita kunja. Diso lililonse likhale ndi kansalu kake, chifukwa kansalu kamodzi kamasamutsa matenda kuchoka diso ili kupita linalo.

Mwana wa msinkhu uwu simungamunyengerere kuti atsegule diso, ndiye musataye nthawi. Yalani chitenje, mugonekeni chagada, mumukulunge manja ali m'mbali mwa thupi kuti asamenye kabotolo. Inu khalani pamphasa, mutu wake uli pamiyendo panu. Ngati pali wina pakhomo, agwire mutu ndi manja awiri, mofatsa koma osalekerera. Akatsegula diso, kokerani chikope cham'munsi pansi ndi chala chimodzi. Muona kamphako kofiira pakati pa chikope ndi diso. Dontho ligwere mmenemo, osati pakamwanadiso, chifukwa pamenepo pamadzidzimutsa ndipo mwana amaphethira n'kulitaya. Dzanja logwira kabotolo litsamire pamphumi pake, kuti akatembenuka dzanjalo lipite naye limodzi, kabotolo kasamubaye.

Akatsinzina zolimba, ndipo mmene ndamuonera uja atsinzina ndithu, musalimbane ndi zikope zake. Musiyeni atsinzine, nkhope italoza kudenga, mudontheze pakona ya diso pafupi ndi mphuno. Dontholo likhala pamenepo ngati kadziwe. Kenako mutchuleni dzina, kapena wina agwedeze makiyi pamwamba pake. Akangotsegula, mankhwala alowa okha. Ine njira imeneyi ndi imene ndimaikonda kwa ana aang'ono, chifukwa mwana amene mwamukanula zikope lero, mawa akangoona kabotolo athawira kwa aneba.

Dontho limodzi ndi lokwanira. Diso silisunga madzi ambiri, otsalawo amangoyenderera patsaya. Muwonjezere lina pokhapokha ngati mwaona ndi maso anu kuti loyambalo lagwera patsaya kapena pachitenje. Mankhwalawa amalumaluma pang'ono kwa kanthawi, ndipo mwana angalavule chifukwa amatsikira kummero kudzera m'kanjira ka misozi n'kumveka kuwawa. Zimenezo zisakudetseni nkhawa. Kukamwa kwa kabotolo kusakhudze diso, nsidze kapena chala chanu, ndipo mukatha tsekani pomwepo.

Khutu ntchito yake yaikulu si kudontheza ayi, ndi kuumitsa. Khutu limeneli latha masabata atatu likutuluka mafinya, ndipo mankhwala odonthezera pamwamba pa mafinya safika pamene pali matenda. Tengani kansalu koyera kofewa, komwa madzi bwino, mukapote kakhale ngati chingwe cha nyali ya parafini. Kalowetseni pang'ono m'khutu, osakankha, kamwe mafinya. Kakanyowa chotsani, ikani kena, mpaka katuluke kouma. Muzichita zimenezi nthawi zonse zitatu musanadontheze. Kamtengo ka machesi, nthenga ya nkhuku ndi timitengo ta thonje ta m'sitolo tija, zonsezi ayi: zimakankhira mafinya m'kati ndipo zingavulaze khutu.

M'mawa wa mwezi uno wa Juni kwanu ku Chiputula mukudziwa nokha mmene kumazizirira. Madontho ozizira akalowa m'khutu amabweretsa chizungulire, mwana amatha kusanza. Fumbatirani kabotoloko m'dzanja kapena kaikeni m'khwapa mphindi ziwiri kapena zitatu. Pambaula ayi, m'madzi otentha ayi.

Mugonekeni cham'mbali pamiyendo panu, khutu lakumanzere lili pamwamba. Popeza sanakwanitse zaka 3, gwirani kunsi kwa khutu, mukokere pansi ndi chakumbuyo pang'ono kuti njira iwongoke (kwa mwana wamkulu timakokera m'mwamba ndi kumbuyo). Werengani madontho atatu mokweza, iye aziwerenga nanu. Mukatero dinikizani kangapo kamnofu kali kutsogolo kwa bowo la khutu, mankhwala atsike. Agone choncho mphindi 5. Mphindi zisanu kwa mwana ndi chaka chathunthu, ndiye konzeranitu nthano, nyimbo, kapena mupatseni foni agwire. Akanena kuti m'kamwa mukuwawa, ndi mankhwala omwewo atsikira kummero. Musatseke khutulo ndi thonje tsiku lonse, ndipo pomusambitsa madzi asalowemo.

Nthawi zimene zonse ziwiri zakumana, yambani ndi maso, musambenso m'manja mukatha za khutu. Musamunamize kuti “sizipweteka”; muuzeni kuti “kaluma pang'ono, kenako basi”, ndipo mukatha muyamikireni, ngakhale atalira chotani. Mawu oti “ukalira akubaya jakisoni” asamveke, chifukwa Lolemba tikufuna kumuonanso.

Mukaiwala nthawi ina, donthezani pamene mwakumbukira. Ngati nthawi yotsatira yayandikira, ingodikirani imeneyo, musaphatikize. Kuseri kwa pepalali lembani kamzere nthawi iliyonse mukadontheza, kuti pakhomo pasakhale woti “ndimayesa mwamupatsa kale”. Mafinya a m'khutu akauma pakati pa njira, pitirizani mpaka masiku 14 akwane.

Ka m'maso kaja kamafuna pozizira. Ngati aneba ali ndi firiji kasungeni kumeneko, koma osati mouma madzi muja. Ngati palibe, kakulungeni m'kapulasitiki mukaike pafupi ndi mtsuko, patali ndi dzuwa ndiponso pamene ana safikira. Masiku 5 akatha katayeni m'chimbudzi, musakasungire chaka chamawa.

Alangizi pakhomo sasowa. Wina ati mkaka wa m'mawere, wina madzi a shuga kapena a mchere, wina madzi a masamba, wina mafuta ophikira m'khutu. Chonde kanani, ngakhale wonenayo akhale wamkulu kuposa inu. Kananinso madontho ogula pamsika oti amachotsa kufiira msanga. Ena mwa iwo amakulitsa chilonda cha m'diso mpaka mwana kuleka kuona. Mwanayu akhale ndi kansalu kake kopukutira kumaso.

Musadikire Lolemba ngati mwaona chimodzi mwa izi: kadontho koyera kapena chifunga pa gawo lakuda la diso, mwana akukana kutsegula maso pakuwala, zikope zatupa kwambiri mpaka kutsekeka, kuseri kwa khutu kwatupa ndipo akulira mukakhudza, thupi latentha kwambiri, akukomoka, akusanza chilichonse kapena akungogona osadzuka bwino, zidzolo kapena kutupa nkhope atangolandira mankhwala. Pitani naye nthawi yomweyo, usiku kapena Lamlungu, ku Chipatala Chachikulu cha Mzuzu. Maso akapanda kusintha pofika Lachisanu, bweraninso tsiku lomwelo.

Zonse zikayenda bwino, tionana Lolemba m'mawa. Mubwere ndi kabuku, pepala lino ndi kabotolo ka m'khutu.

Ndine namwino wanu wa kuchipinda cha ana.