Ng'anjo Yomaliza: mawu ojambulira zilombo, malo ndi zipangizo za gawo loyamba

Kwa a Tadala, a Mphatso ndi a Yamikani,

Awa ndi mawu oti tijambulire zithunzi zoyamba za gemu yathu. A Tadala mutenga zilombo, a Mphatso malo, a Yamikani zipangizo. Tikadzamata zithunzi zonse pakhoma, munthu asathe kuloza kuti ichi wajambula ndi uje, icho ndi uje. Dalitso, mdzukulu wa wosula zitsulo, akachoka pamudzi kukayatsanso ng'anjo zimene zinazima kalekale m'nkhalango, chilichonse chimene akumane nacho chioneke kuti chinaumbidwa ndi dothi lomwelo ndi kupsa ndi moto womwewo.

CHIGANIZO CHA MUTU

Ichi chiziyamba pa chithunzi chilichonse, ndipo musasinthemo liwu:

Chithunzi cha gemu chopenta pamanja, bulashi yokhakhala, mizere ya m'mphepete yakuda ngati makala ndipo yosafanana kunenepa. Dziko la thyathyathya la Kasungu, nkhalango ya mitengo ya mombo ndi tsamba, mwezi wa Seputembala, 4 koloko madzulo. Dzuwa lofooka ndi utsi wa lupsa, likuwala kuchokera kumanzere, mithunzi yaitali. Zonse ndi zadothi, zachitsulo chosula, zamtengo, zaudzu kapena zaluzi. Palibe chonyezimira kupatula moto.

Mitundu ndi iyi, ndipo wina woonjezera ayi:

```
katondo       #9C4A2A
makala        #23201E
phulusa       #B9B2A6
udzu_wouma    #C9A24B
mphukira      #B5332E
moto          #F2892B
```

Mwaona kuti mulibe wobiriwira. Ndachita dala. Seputembala mitengo ya kuno imaphukira masamba ofiira mvula isanagwe, udzu uli gwa kapena utapsa kale, ndipo maonekedwe amenewo sindinawaonepo m'gemu ina iliyonse. Mtundu wa moto ndi wa mtengo wapatali: usapitirire gawo limodzi la magawo 20 a chithunzi, chifukwa wosewera tikumuphunzitsa kuti paliponse pamene pakuyaka pali chochita.

Amene mukuyamba mwayesera pa Midjourney musanakhale pansi ndi Krita, tembenuzirani chiganizo cha mutu m'Chingerezi kamodzi, nonse mugwiritse chomwecho, ndipo kumapeto ikani izi:

```
--ar 16:9 --seed 4127 --no baobab, acacia, giraffe, text
```

Pa zilombo ndi zipangizo sinthani kukhala `--ar 1:1`. Makinawa akangomva za Afirika amathamangira kukupatsani mlambe ndi dzuwa lalikulu likulowa. Milambe ndi ya kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, ife tili kumtunda. Chotuluka m'makina ndi chongokutsegulani m'maso. Chobwera kwa ine chikhale chojambula inu.

ZILOMBO

Chilombo chilichonse ndi nyama yeniyeni ya kuno imene inalowa m'ng'anjo n'kutuluka ili ina. Jambulani chilichonse kutsogolo, cham'mbali ndi kumbuyo, Dalitso ataima pambali pake, wamtali mamita 1.5, kuti tione kukula kwake.

`chilombo_01_ngaka.png`
Ngaka yotalika mamita 3, ikuyenda ndi miyendo yakumbuyo, yakutsogolo itapinda pachifuwa, mchira utatambalala kuti isagwe, monga imayendera ngaka yeniyeni. Mamba ake ndi mapale a mbiya zosweka, osanjikizana, ena akuonekabe mizere imene woumba analemba pakhosi pa mbiya. Mapale a pamsana ndi akuda ndi mwaye, a m'mbali ndi a katondo. Ikadzipinda, moto uzioneka m'mipata ya mamba okha. Ilibe mano, ndipo musaipatse mano. Mphamvu yake ndi lilime lalitali ndi kugubuduzika. Nkhope ikhale yamanyazi. Wosewera aziimvera chisoni ngakhale itamugwetsa.

`chilombo_02_nangomba.png`
Nang'omba wamtali kuposa Dalitso ndi mutu umodzi. Nthenga zakuda ngati chitsa chopserera, nthenga zoyera za kumapeto kwa mapiko zioneke pokhapokha watambasula. Thumba lofiira la pakhosi ndi mvukuto wachikopa, wosokedwa ndi luzi, wokhala ndi chigamba chimodzi. Akalira, thumbalo likufufuma ndipo phulusa la pansi likuuluka. Nsidze zazitali zisasowe. Amayenda atatu kapena anayi, pang'onopang'ono, ngati akuluakulu opita kubwalo la milandu.

`chilombo_03_njovu.png`
Ichi ndiye chilombo chachikulu cha gawo loyamba, ndipo a Tadala mutenge nthawi. Njovu yaikazi yokalamba, yotalika mamita 6 paphewa, imene inagona malo amodzi mpaka chiswe chinamanga chulu pamsana pake. Chulucho chili ndi kamtengo kamodzi kophukira zofiira ndi mabowo otulukira ngumbi. Khungu ndi dothi la makande louma, long'aluka timagawo, ming'alu yakuya m'mawondo ndi kuseri kwa makutu, kumene moto ukuonekera pang'ono ikapuma. Mnyanga wakumanja ndi wathunthu, wakumanzere unathyoka ndipo wosula wina wakale anaumanga ndi mkombero wachitsulo wadzimbiri. Pamwendo wakumbuyo pali chipsera cha msampha wawaya. Isakhale chiwanda cha maso ofiira. Anthu a m'malire a nkhalango amaidziwa njovu mbali zonse ziwiri: mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera kuno, alendo anakondwa, koma alipo amene minda yawo inadyedwa usiku umodzi. Wosewera wa dera la mfumu Chulu, m'malire a nkhalangoyi, akaiona achite mantha enieni, komanso asafune kuipha. Jambulani kawiri: itagona, pamene munthu angaiyese chulu chabe, ndi itadzuka, dothi likugumuka m'mbali.

`chilombo_04_afisi.png`
Afisi atatu opangidwa ndi zotsalira za chitsulo chosungunuka, thupi la mabowomabowo, kumbuyo kotsika. Maanga awo ndi dzimbiri. Palibe wowakwera, palibe nsupa m'khosi.

`chilombo_05_nsadzu.png`
Kambalame kolondolera njuchi, kamtundu wa phulusa, nthenga zoyera m'mbali mwa mchira. Aka ndi kotsogolera Dalitso njira, choncho kazidziwika ngakhale katachepa mpaka mapikiselo 32.

Mawu amodzi pa zilombo zonse: musatenge nkhope, nthenga kapena maonekedwe a Gule Wamkulu. Ndi mwambo wamoyo wokhala ndi eni ake, ndipo si wathu woti wosewera azimenya ndi ndodo pa sikirini. Mukaona kuti chojambula chanu chayamba kufanana ndi chilombo cha kudambwe, fufutani muyambirenso kunyama yeniyeni.

MALO

Pa malo onse, kumene dziko likumana ndi thambo kukhale m'munsi, thambo litenge pafupifupi theka la chithunzi. Njira ya Dalitso izioneka popanda muvi woloza: dothi lopondeka, lowala kuposa la m'mbali.

`malo_01_mudzi.png`
Mudzi wa m'malire a nkhalango. Nyumba zisanu zadothi zofolera udzu, makonde ozira ndi mtsiro, nkhokwe ziwiri zitakwezedwa pamiyala. Kutsogolo kumanja kuli chigafa chachitali chopanda fodya, popeza Seputembala fodya anagulitsidwa kale. Mikangala yokha ndi imene yatsala, ndi masamba awiri atatu ouma amene anaiwalika. Kuseri kuli munda wososa, mapesi ataunjikidwa. Patali, phiri la Kasungu lili lokhalokha, losaoneka bwino ndi utsi. Chipala cha agogo a Dalitso chili pansi pa kachere, chozizira.

`malo_02_dambo.png`
Dambo lalikulu lopanda mtengo pakati, nkhalango itaima m'mbali zonse. Udzu wofika m'khosi, theka lina litapsa, mzere wa moto ukuyenda chapatali. Pakati pali dziwe lotsala ndi madzi amatope, mvuu ziwiri zikuoneka makutu ndi mphuno zokha. Mapazi a njovu atauma m'makande, akuya moti mwana akhoza kukhalamo. Chisa cha nantchengwa pamphanda ya katope. A Mphatso, zithunzi za ku Lifupa, damu la m'nkhalango ya Kasungu, zikuthandizani pa madzi ndi magombe, koma nyumba za alendo zisalowemo.

`malo_03_nganjo.png`
Pano ndi pamtima pa gemu. M'nkhalango ya Kasungu, imene inakhala paki mu 1970, muli ng'anjo zenizeni zakale zosungunulira chitsulo, ndipo yathu ichokere kwa izo, isachokere ku nsanja za m'magemu akunja. Ng'anjo yadothi yotalika mamita 4, yotakata kumunsi, yowonda kukamwa, yomangidwa pafupi ndi chulu chimene omanga anatapapo dothi. Kumunsi kuli mabowo ozungulira, mapaipi adothi olowetsera mpweya ali mbwee pansi, ena osweka, ena akuda kunsonga. Mng'alu umodzi ukutsika kuchokera kukamwa mpaka pakati, muzu wa mtengo utalowamo. Pakhoma pakuoneka zala za amene anamata dothi, zala za anthu osiyana, zina zazing'ono. Jambulani yozima ndi yoyaka, kamera isasunthe. Pa yoyaka, lamulo la dzuwa tikuliphwanya kamodzi kokha: ndi usiku, kuwala konse kukuchokera m'mabowo a kumunsi, ndipo masamba a pamwamba akufiira ndi motowo.

`malo_04_thanthwe.png`
Thanthwe lakuda loonekera pamwamba pa mitengo, phanga laling'ono m'munsi, pakhoma pali zojambula zofiira za mikombero ndi mizere. Pekani zizindikiro zanuzanu. Za ku Solonje kapena ku Chongoni musakopere.

ZIPANGIZO

Chilichonse chijambulidwe chokha pa mtundu wa phulusa, chitapendekeka pang'ono, mthunzi kumanja. Chatsopano palibe. Chilichonse chikhale ndi pamene dzanja lagwira nthawi yaitali, ndi pamene chinakonzedwapo.

`chida_01_mvukuto.png`
Mvukuto wa zikopa ziwiri zambuzi, ubweya ukadalipo m'mbali, pakamwa pali paipi yadothi. Chikopa ndi kasokedwe zifanane ndendende ndi za pakhosi pa nang'omba, kuti wosewera wochenjera azindikire yekha.

`chida_02_khasu.png`
Khasu losula, la msuka wolowa m'mpini wa mfundo, mpini wosalala ndi thukuta, lakutha mbali imodzi. Ndi chida chokhacho chimene Dalitso amanyamula, choncho tikufuna zitatu: la dzimbiri, lonoledwa, ndi lofiira ndi moto.

`chida_03_phale.png`
Phale lonyamulira moto, makala atatu akuyaka pa phulusa, litakhala pa nkhata yaudzu. Ili ndiye likhale pakona ya sikirini kusonyeza moyo wa Dalitso: makala atatu, awiri, limodzi.

`chida_04_zapamudzi.png`
Pepala limodzi: mtondo wong'aluka womangidwa ndi luzi, munsi, lichero, mtsuko, chipanda, mng'oma wakhungwa wopachika mumtengo, ndi dengu la nthale. A Yamikani, mizere ya pakhosi pa mtsuko mugwirizane ndi a Tadala, ikhale yomweyo ya pa mamba a ngaka.

Poyamba tumizani mithunzi yakuda yokha, yopanda mitundu, isanu pa chinthu chilichonse, Lachisanu lisanafike. Tikasankha, mitundu ibwera sabata yamawa. Tikumana Loweruka 9 koloko m'mawa kwa a Mphatso, kuseri kwa msika; bwerani ndi mafoni otchaja, chifukwa chithunzi chilichonse tichiona kaye pafoni tisanachivomere.

Ndine,
Chisomo