Ndondomeko ya Madalitso yofunira ntchito ina: maola 5 pa sabata

Madalitso, nayi ndondomeko ija unandipempha. Ndaiyika molingana ndi mmene umagwirira ntchito ku sitolo ya pa esiteti, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, ndipo Loweruka mpaka masana. Maola onse ndi 5 pa sabata, ndipo cholinga chake ndi kutumiza makalata awiri okha ofunsira ntchito, olembedwa mosamala. Usaone ngati awiri achepa. Pa zaka zomwe ndinkakhala nawo pa gulu losankha antchito, kalata yokopera yomwe munthu wamwaza paliponse tinkaizindikira pa mzere woyamba, ndipo sinkafika patali.

Lamulo limodzi lisanayambe zonse: ntchito uli nayoyi ndiyo ikudyetsa ana, ndiye usaiseweretse. Kompyuta ya ku ofesi, makina osindikizira a kampani, imelo ya kuntchito, zonsezi usazikhudze pa nkhaniyi. Anzako a ku sitolo asadziwe kanthu. Pa esiteti nkhani ikalankhulidwa pa sikelo m'mawa, pofika madzulo yafika kale kwa bwana.

Sabata yoyamba

Sabata imeneyi sutumiza kanthu. Maola onse 5 apite pokonza zida. CV ikhale ya masamba awiri, osapitirira. Pa ntchito ya panoyi usangolemba kuti ndiwe kalaliki wa ku sitolo. Lemba zomwe manja ako amachita: kulandira feteleza ndi mankhwala, kulemba mafuta a mathirakitala olowa ndi otuluka, kuwerenga katundu kumapeto kwa mwezi, kukonza lipoti pa Excel. Munthu wa ku Limbe amene sanapondepo m'munda wa tiyi aone kuti katundu amene umasungayo ndi wa ndalama zambiri ndipo mabuku ako amagwirizana.

Tenga satifiketi ya MSCE, dipuloma yako ya zogula ndi kusunga katundu, ndi chiphaso cha unzika, ukapange mafotokope asanu asanu. Ena mwa iwo akadindidwe kwa wovomerezeka kutsimikiza zikalata, chifukwa ntchito za boma ndi za mabungwe ena zimafuna odinda. Zonsezi uzijambulenso bwino pa foni, masana, pepala litagona pa tebulo, zikhale PDF. Fayilo ya CV uitche `Madalitso_CV.pdf`, osati dzina lomwe foni yangodzipatsira. Tsegulanso imelo yokhala ndi dzina lako lenileni, ija ya dzina lamasewera uisiyire anzako a mpira.

Pomaliza peza anthu atatu okuchitira umboni, ndipo uwapemphe pakamwa usanalembe maina awo. Mphunzitsi wako wa ku koleji, bwana wako wakale uja anapuma ntchito, ndi mmodzi mwa akulu a mpingo akwanira. Bwana wa panopa ayi.

Lolemba, mphindi 30, madzulo

Tsiku lofufuza basi, osalemba. Yang'ana pa LinkedIn, m'magulu awiri a WhatsApp a za ntchito (awiri okha, enawo tulukamo, amangomaliza bandulo), ndi zotsatsa zomwe unajambula m'nyuzipepala Loweruka. Sankha ntchito ziwiri, ulembe m'kope dzina la ntchito, kampani, tsiku lotsekera ndi njira yotumizira.

Posankha dzifunse zinthu zitatu. Kodi zambiri zomwe akufuna ndili nazo? Kodi malipiro ake angapose zomwe ndikupeza pano, nditawerengera nyumba ya kampani, madzi ndi nkhuni zomwe sindilipira? Kodi ndingasamukedi? Funso lachiwirilo ulitenge mwamphamvu. Malipiro a ku Blantyre amaoneka onona pa pepala, koma ukachotsa lendi, magetsi ndi minibasi ya tsiku ndi tsiku, nthawi zina umapeza kuti wa ku Mulanje anali pabwino. Ndipo usathamangire mtawuni mokha. Makampani a tiyi ndi makadamiya a ku Thyolo, zipatala za mishoni ngati Mulanje Mission, khonsolo, mabungwe a zaulimi ndi zachilengedwe ozungulira phirili, malo onse otere amakhala ndi sitolo ndipo amafuna wosunga katundu. Ntchito yomwe sikukhudzana ndi luso lako uisiye ngakhale ikome bwanji. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Lachiwiri, ola limodzi, m'mamawa

Dzuka 5 koloko, ana asanadzuke. Ndasankha m'mawa dala, chifukwa madzulo umafika utatopa, magetsi mwina azima, ndipo kalata yolemba munthu akusinza imaonekera. Foni igone itatchajidwa.

Ola limeneli ndi la kalata yoyamba. Ika chotsatsa chija pambali, ulembe mzere pansi pa zinthu zitatu zomwe akuzifunitsitsa. Kalata yako iyankhe zitatuzo, chilichonse ndi chitsanzo cha ku sitolo kwako. Akati akufuna wodziwa kuwerengera katundu, fotokoza mmene umachitira kumapeto kwa mwezi, ndi zomwe umachita nambala ya m'buku ikasiyana ndi matumba ali pansi. Akati akufuna woyang'anira anthu, tchula anyamata awiri onyamula katundu omwe umawagawira ntchito. Tsamba limodzi lokha. Mawu odandaula, oti ndine wovutika, ndili ndi banja lalikulu, chonde ndithandizeni, asapezekemo. Ndikudziwa kuti ndi zoona, koma wolemba ntchito akufuna amve chomwe adzapindule nawe. Osanyozanso komwe uli. Ukanyoza bwana wako m'kalata, wowerengayo amadziwa kuti mawa udzanyoza iye.

Ukamaliza usatumize. Igone kaye.

Lachitatu

Palibe. Pita ku kwaya.

Lachinayi, ola limodzi, m'mamawa

Mphindi 15 zoyamba werenganso kalata ya Lachiwiri mokweza mawu. Onetsetsa dzina la kampani, dzina la ntchito ndi nambala yako ya foni, kenako tumiza. Pamutu pa imelo lemba dzina la ntchito ndendende monga alembera pa chotsatsa. Ngati netiweki ikuvuta kunyumba, tumizira pa msewu popita kuntchito, ndipo uyang'ane mu `Sent` kuti yapitadi. Mphindi zotsalazo lemba kalata yachiwiri. Imafulumira chifukwa mutu watentha kale. Imeneyi idzatumizidwa Loweruka. Ngati tsiku lotsekera layandikira, sinthanitsa, yofulumirayo iyambe.

Lachisanu, mphindi 15, pa nkhomaliro

Imbira munthu mmodzi. Chokapo pa sitolo, ukaime poti palibe womvera. Munthuyo akhale woti ali mu ntchito yonga yako kwina: mnzako wa ku koleji, dalaivala wa kampani yobweretsa feteleza amene mumamvana, wachibale wa ku Luchenza kapena ku Bvumbwe. Usamupemphe ntchito, pakuti alibe, ndipo ukamupempha adzayamba kuthawa foni yako. Mufunse za moyo, umuuze kuti ukuyang'ana mpata wa ku sitolo kapena wogula katundu, akamva kanthu akutsine khutu. Mipata yambiri imamveka pakamwa isanafike m'nyuzipepala, ndipo gawo ili, ngakhale ndi lalifupi, ndimaliwerengera kuposa la Lolemba. Sabata iliyonse munthu wina.

Loweruka, ola limodzi ndi mphindi 45, masana

Ukaweruka kwera kabaza upite ku Chitakale kapena pa boma. Yang'ana masamba a ntchito mu The Nation ndi The Daily Times a m'sabatayo, komanso Weekend Nation ndi Malawi News za tsikulo. Kugula zonse n'kodula. Gwirizana ndi munthu wa ofesi ina yomwe imalandira nyuzipepala kuti azikusungira, iwe uzingojambula masamba ofunikawo. Ntchito za boma zodzera ku Civil Service Commission ndi Local Government Service Commission uzionanso mmenemo. Dutsa pa bolodi la zidziwitso la khonsolo. Ofesi ya zantchito ya pa boma imatseka Loweruka, ndiye tsiku lina lapakati pa sabata ukadzatumidwa ku boma ukalowemo, ukafunse za kalembera wa ofuna ntchito.

Kenako werenganso kalata yachiwiri, utumize. Ngati akufuna ya pamanja, sindikiza, ika mu emvulopu yaikulu osapinda mapepala, ndipo polemba tsiku lotsekera m'kope uchotsepo masiku a ulendo wa kalatayo.

Apa ndikuchenjeze, chifukwa ambiri alira nazo. Aliyense wokuimbira kuti wasankhidwa koma utumize kaye ndalama ya fomu, ya yunifolomu kapena ya kuchipatala pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi wakuba. Usatumize ngakhale tambala, ndipo chithunzi cha chiphaso chako usapatse nambala yachilendo.

Lamulungu, mphindi 30, madzulo

Tsegula kope lija limodzi ndi mayi a kunyumba. Lembani zomwe zatumizidwa, tsiku lake, ndi amene wayankha. Kenako iwo akufunse mafunso atatu a intavyu, iwe uyankhe mokweza m'Chingerezi: tiuzeni za inu, n'chifukwa chiyani mukufuna kuchoka komwe muli, munatani tsiku lomwe katundu anasowa. Poyamba mudzaseka, koma pitirizani. Lilime lizolowere lisanakumane ndi anthu asanu atakhala kuseri kwa tebulo. Patulaninso ndalama ya sabata yotsatira ya bandulo, fotokope ndi kabaza, ndi kena kosunga pa Mpamba ka ulendo wa ku Limbe, chifukwa kuitana kwa intavyu kumabwera pakati pa mwezi m'thumba muli mbee.

Akakuitana

Usaname kuti wadwala kapena kuli maliro. Pempha tsiku pa tchuthi chako. Lamulo la ntchito la 2000 limapereka masiku 18 a tchuthi pa chaka kwa wogwira masiku 6 pa sabata, ndiye usawamalize onse pa Khirisimasi. Sunga anayi kapena asanu. Sabata ya intavyu makalata aime, maola onse apite pokonzekera.

Akakutenga, usasiye ntchito ndi mawu a pa foni. Dikira kalata yosainidwa, uwerenge malipiro ndi nthawi yoyeserera. Lamulo lomwelo limalola kuti nthawi yoyeserera ifike miyezi 12, ndipo mkati mwake mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi, choncho udziwe chomwe ukulowa. Wolandira pa mwezi ngati iwe amapereka notisi ya mwezi umodzi, koma onanso kontirakiti yako, mwina inanena yotalikirapo. Perekera sitolo bwinobwino, katundu atawerengedwa pamaso pa mboni ndipo onse atasaina, utenge kalata yosonyeza zaka zomwe wagwira, ufunsenso za kusamutsa penshoni yako.

Nyengo ya mvula

Kuyambira Disembala tiyi akachuluka ndipo fakitale ikugwira usana ndi usiku, maola 5 sadzapezeka. Usadzikakamize. Tsitsa ufike pa maola awiri: kufufuza kwa Lolemba, kalata imodzi Lachiwiri, foni ya Lachisanu, ndi mphindi 15 za kope Lamulungu. Nkhani ya nyuzipepala umusiyire mlongo wako azikujambulira ali ku Limbe.

Pakatha masabata 8 ubwere ndi kopelo kunyumba kuno. Ngati pa makalata onsewo palibe wakuitana, tidzakonzanso CV ndi kuonanso mtundu wa ntchito ukusankha. Ngati akukuitana koma osakutenga, tidzakhala pansi ine ndikufunse mafunso ngati mmodzi wa gulu lija. CV yoyambayo unditumizire pa WhatsApp Lachinayi likubwerali ndiione usanaisindikize.

Ndine malume ako.