Kwa amisiri atsopano: hamoniki yachiwiri pa rileyi ya thiransifoma ndi pomwe imalephera

Achimwene anga amene mwangolowa kumene m'gulu lathu la zoteteza makina a magetsi kuno ku Joni,

Ndalemba izi chifukwa cha zomwe tinaona Lachiwiri lapitali pa sabusiteshoni ija, pamene thiransifoma ya 40 MVA, yotsitsa magetsi kuchoka pa 88 kV kufika pa 11 kV, inatiripa titangotseka buleka, ngakhale kuti mafuta ake anali abwino ndipo rileyi ya Buchholz inalibe mpweya ngakhale pang'ono. Mmodzi wa inu anafunsa ngati sitingangotsitsa nambala ya hamoniki yachiwiri kuti vutoli lithe. Funsolo ndi lanzeru, koma yankho lake limafuna kuti tiyambe tamvetsa chomwe nambalayo imachita.

Rileyi yomwe pa zojambula timailemba 87T imayerekeza karenti yolowa mu thiransifoma ndi karenti yotuluka, itawerengera kale kusiyana kwa voteji ndi kalumikizidwe ka makoyilo. Ziwirizi zikafanana, rileyi imakhala chete. Zikasiyana kwambiri, imaona ngati karenti ikutayikira mkati, ndipo imatsegula mabuleka a mbali zonse ziwiri. Vuto limabwera pa nthawi yoyatsa. Chitsulo cha mkati mwa thiransifoma chimasunga maginito otsala kuchokera pomwe inazimitsidwa, ndipo buleka ikatseka pa mphindi imene voteji ikudutsa pa ziro, maginito atsopano angathe kufika kuwirikiza kawiri mlingo wake wa masiku onse, n'kuwonjezerapo otsala aja. Chitsulo chimakhuta, sichingalandirenso maginito ena, ndipo koyilo imakoka karenti yaikulu imene timaitcha inirashi. Thiransifoma yathuyi ikadzaza katundu imanyamula maampu 262 ku mbali ya 88 kV, koma tsiku lija inirashi inapitirira maampu 1,500. Karenti yonseyi imalowa mbali imodzi yokha osatulukira kwina, motero kwa rileyi imaoneka ndendende ngati folo ya mkati.

Chomwe chimasiyanitsa ziwirizi ndi maonekedwe a funde. Karenti ya folo imayenda m'mwamba ndi pansi mofanana, pa 50 Hz monga momwe magetsi a kuno ndi a kwathu ku Malawi amayendera. Inirashi imatumphukira mbali imodzi, n'kugona pafupi ndi ziro kwa kanthawi, n'kutumphukanso. Funde lopendekeka chonchi limakhala ndi gawo lalikulu la 100 Hz, lomwe ndi hamoniki yachiwiri. Rileyi imasefa magawo awiriwa mu karenti ya kusiyana ija, n'kuwayerekeza, I2 kukhala gawo la 100 Hz ndipo I1 gawo la 50 Hz:

```
I2 / I1 > 0.15
```

Zikatero rileyi imadziwa kuti iyi ndi inirashi ndipo sitiripa. Nambala imene anthu ambiri amaika imakhala pakati pa 15% ndi 20%. Marileyi ena amatsekeratu njira yotiripira gawolo likapitirira malire, pamene ena amawonjezera hamonikiyo ku mphamvu yoletsa, kotero kuti karenti yofunika kuti rileyi igwire ntchito imakwera molingana ndi kuchuluka kwa hamoniki. Muziyamba mwawerenga buku la rileyi yomwe ili patsogolo panu kuti mudziwe njira imene ikutsata, chifukwa kayesedwe kake sikafanana.

Kulephera koyamba ndi komwe kunatichitikira. Nambala ya 15% inakhazikika pa nthawi imene mathiransifoma ankapangidwa ndi chitsulo chochuluka, chogwira ntchito kutali ndi malire a kukhuta. Opanga a masiku ano amagwiritsa ntchito chitsulo chabwino koma chochepa, chomwe tsiku ndi tsiku chimakhala kale pafupi ndi malirewo. Chitsulo chotere chikakhuta kwambiri, chimakhala chokhuta kwa gawo lalikulu la saikolo, funde limatambasuka, nthawi yogona pa ziro imafupika, ndipo funde limayamba kufanana ndi la karenti wamba. Apa m'pamene ndikufuna mugwire bwino: inirashi ikakula kwambiri, gawo la hamoniki yachiwiri limachepa. Titatsitsa zomwe rileyi inajambula, tinapeza kuti fezi yofiira ndi yabuluu zinali pamwamba pa 30%, koma fezi yoyera, yomwe inali ndi karenti yaikulu koposa, inatsika kufika pa 11% kwa masaikolo atatu oyambirira. Rileyi inaikidwa kuti fezi iliyonse izidziletsa yokha, ndipo masaikolo atatu amenewo, omwe ndi mamilisekondi 60 okha, anakwanira kuzimitsa magetsi a mafakitale onse a mbali ija. Kuno, pa zaka zimene kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana kunkachititsa kuti mathiransifoma ena aziyatsidwa kambirimbiri, mwayi wogwera pa mphindi yoipa yotsekera buleka unali wochuluka kuposa kale.

Kulephera kwachiwiri ndi komwe kumandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa kumawononga makina ndiponso kungapweteke munthu. Folo yaikulu ikachitika mkati, karenti yake nthawi zambiri imayamba yopendekera mbali imodzi, ndipo ma CT omwe amatumiza karenti ku rileyi nawonso ali ndi chitsulo chomwe chimakhuta. CT yokhuta imapotoza funde n'kupanga hamoniki yachiwiri imene kulibe mu waya weniweni. Rileyi imaiona, n'kuganiza kuti ndi inirashi, n'kudikira pamene koyilo ikupsa m'mafuta. Tikatsitsa nambala kufika pa 10%, monga momwe munaganizira, tikhala tachititsa kuti kudikira kotereku kuzichitika mosavuta ndiponso kuzitenga nthawi yaitali. N'chifukwa chake pamakhala gawo lina, lolembedwa 87U pa marileyi ambiri, lomwe silimvera hamoniki iliyonse ndipo limaikidwa pamwamba pa inirashi yaikulu yomwe thiransifoma ingakoke. Komabe folo yaing'ono, monga mawaya owerengeka a koyilo imodzi akakhudzana, siifika pa mlingo umenewo.

Chimodzimodzinso tikayatsa thiransifoma yomwe ili kale ndi folo. Inirashi ndi karenti ya folo zimabwerera pamodzi, ndipo ngati rileyi inaikidwa kuti fezi imodzi ikaona hamoniki iletse mafezi onse atatu, mafezi abwinobwino amagwira dzanja fezi yodwalayo mpaka inirashi itazilala, zomwe pa thiransifoma yaikulu zingatenge masekondi angapo. Palinso inirashi yomwe imabuka mu thiransifoma yoyaka kale pamene inzake ya pambali ikuyatsidwa. Imeneyi imachedwa kutha ndipo ingakhutitse ma CT pang'onopang'ono. Voteji ikakwera mopitirira, chitsulo chimakhuta mbali zonse ziwiri mofanana, hamoniki yachiwiri siioneka, ndipo chomwe chimathandiza ndi hamoniki yachisanu, ya 250 Hz.

Pa thiransifoma yathuyi ndapempha injiniya wamkulu kuti nambala ikhalebe pa 15%, koma tilole mafezi kuletsana kwa mamilisekondi 100 okha rileyi ikangoyamba kuona kusiyana, kenako fezi iliyonse ibwerere podziyimira yokha. Rileyi yathu ilinso ndi njira yoyang'ana ngati funde likugona pafupi ndi ziro pa saikolo iliyonse, ndipo ndikufuna tiione mmene ikanachitira tsiku lija. Lolemba m'mawa mubwere ndi makina oyesera ku wekishopu, tidzalowetse mu rileyi fayilo ya COMTRADE yomwe tinatsitsa ija, poyamba ndi manambala akale, kenako ndi atsopano, ndipo pomaliza tidzayesere folo ya mkati yokhala ndi CT yokhuta kuti tiwerenge mamilisekondi omwe rileyi ikuchedwa.