Kapepala ka Malipiro

Uthenga wa ku banki unalowa Tiyamike ali mkati modinda mainivoisi a simenti. Foni inanjenjemera m'thumba la siketi, iye n'kuisuzumira pansi pa tebulo ngati mwana wobera mayeso. K221,000. Anaiwerenga kawiri nambalayo, kenaka anaibwezera foniyo m'thumba n'kupitiriza kudinda, koma chidindo chinayamba kugwera pambali pa mzere.

Iyetu ankayembekezera K233,500. Ndalamayi anali ataigawa kale kumapeto kwa kope lake lakale la kukoleji: K60,000 ya lendi ku Bangwe, K40,000 ya mayi ake ku Mulanje, ya minibasi, ya ufa ndi makala, ya mayunitsi a magetsi, ndi K15,000 yobweza kwa Chisomo amene anamubwereka nsapato ndi ndalama ya thiransipoti tsiku la intaviyu. Panalibe tambala yoyendayenda yopanda mwini.

Masana a Gama, mesenjala wa pakampanipo, anazungulira ndi maenivelopu. Tiyamike anatsegula yake atatembenukira kukhoma. Pamwamba panali dzina lake ndi mwezi, Julaye 2024. Malipiro onse K280,000, monga inanenera kalata yomulemba ntchito. Penshoni K14,000, ndiye 5 peresenti yake ija, palibe vuto. Koma pa mzere wa msonkho panalembedwa K45,000.

Anatenga kakyuleta. Ku koleji aphunzitsi awo anawakhomerera nkhani imeneyi mpaka kuwatopetsa: kuyambira Epulo 2024, K150,000 yoyambirira sinkadulidwa msonkho, ndipo yotsatira mpaka K500,000 inkadulidwa 25 peresenti. Ndiye K130,000 yotsalayo msonkho wake ndi K32,500. Anabwereza katatu, yankho osasintha. Kenaka anayesa kuchotsa K100,000, malire akale aja, ndipo kakyuleta inaonetsa 45,000 ndendende.

Mtima unagunda. Sikunali kuphonya kwa chala ayi. Wina ankagwiritsabe ntchito mlingo wa chaka chatha.

Pokwera minibasi pa Limbe madzulo amenewo anamuimbira Chisomo.

"Iwe, uli pa pulobeshoni," anatero Chisomo. "Mwezi umodzi wokha ukufuna ukaphunzitse akauntanti masamu? Ingokhala chete mpaka akutsimikize. Anthu ali ndi madigiri akugulitsa kaunjika kunja kuno."

"Koma ndi K12,500, Chiso."

"Ndikudziwa. Yangayo udzandipatse mwezi wamawa, palibe changu."

Usiku tulo sitinabwere. Mayi ake anali ataimba kale, osapempha kanthu, kungofunsa ngati akudya bwino ndiponso ngati mabwana akumusunga bwino. Anawatumizira K40,000 yonse pa foni, yochotsera n'kuwonjezerapo, podziwa kuti dzenjelo likhala pa ndiwo zake.

M'mawa anapeza a Gama akupukuta matebulo. Anali bambo wa imvi za m'mbali, amene anayamba ntchito pakampanipo Tiyamike asanabadwe. Tsiku lake loyamba ndi iwo amene anamulozera kumene kumagulitsidwa nsima yotsika mtengo kuseri kwa msika.

"Bambo Gama, mundikhululukire, ndifunse nawo zosayenera. Pa kapepala kanu ka malipiro, amakudulani msonkho?"

Anamuyang'ana kaye, kenaka anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa jumbo ya shuga yopindidwa bwino. Munali timapepala ta miyezi yambiri, tosanjidwa mwa dongosolo.

"Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, mwanawe. Ndimangosunga. Taona wekha."

Malipiro awo anali K140,000. Msonkho K10,000. Epulo chimodzimodzi, Meyi, Juni, Julaye. Munthu amene sankayenera kudulidwa ngakhale tambala anali atadulidwa K40,000.

"Pali cholakwika?" anafunsa a Gama.

Tiyamike anatsegula pakamwa kuti anene kuti palibe, koma mawuwo anakana kutuluka. M'malo mwake anati, "Ndibwerekeni timapepalati pang'ono, ndikubwezerani."

Ofesi ya a Mbewe, akauntanti a pakampanipo, inali kumapeto kwa khonde. Anagogoda ndi chala chimodzi.

"Lowani."

A Mbewe anali atakwiririka m'mafayilo, magalasi ali pamphuno. Tiyamike anaima pafupi ndi chitseko, manja kumbuyo.

"Pepani bwana, ndakusokonezani. Pali pena pamene sindikumvetsa pa malipiro anga, ndiye ndimati mundithandize. Mwina ndine ndalakwitsa."

"Aliyense malipiro oyamba amawaona ochepa, mayi. Boma limadya nawo. Muzolowera."

"Inde bwana. Kungoti ndikawerengera ndi K150,000 ikubwera K32,500. Ndikawerengera ndi K100,000 m'pamene ikubwera imene yalembedwayi."

A Mbewe anavula magalasi. M'chipindamo munangomveka fani yokha.

"Mwakhala pano masabata angati?"

"Anayi, bwana."

"Ine zaka 19. Ndipo a MRA sanandibwezerepo pepala ngakhale limodzi."

Miyendo ya Tiyamike inkanjenjemera, koma anasendera n'kuika kapepala kake patebulo, pambali pake n'kuyalapo ta a Gama tinayi. Sananene kanthu. A Mbewe anayang'ana timapepalato nthawi yaitali, kenaka anatembenukira ku kompyuta, n'kutsegula fayilo ya malipiro. Anadina pa bokosi la msonkho. Pamwamba panaoneka `=(D7-100000)*0.25`. Anadina la pansi pake, n'kudinanso lina. Monsemo munali 100000.

Anatsamira kumpando n'kupuma mozama.

"Mu Malichi kompyuta ija inapsa ndi magetsi," anatero motsitsa mawu, ngati akudziyankhulira okha. "Ndinatenga fayilo ya pa fulashi. Ndinali nditasintha pa inayo."

Tiyamike anayang'ana pansi. Sanafune kuwaona nkhope bambo wa msinkhu wa atate ake pa nthawi ngati imeneyo.

"Mwauzapo ndani?"

"Palibe wa pano, bwana. A Gama ndangowabwereka timapepala."

"Anthu 23," anatero a Mbewe. "Miyezi inayi. Ndalama zake zinapita kale ku Msonkho House, ya Julaye yokha ndiye sinapite. Ndiyenera kukawafotokozera abwana akulu ndi pakamwa pangapa, kenaka tilembere a MRA." Anapukuta magalasi ndi tayi, n'kuwavalanso. "Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Koma kamapweteka, mayi."

"Pepani bwana."

"Mukupepesa chiyani? Kokani mpandowo. Ine ndiziwerenga maina, inu muziwerengera ndi kakyuleta yanuyo. Sindikufuna kulakwitsa kawiri."

Anagwira ntchitoyo mpaka nthawi ya nkhomaliro inadutsa. Madalaivala, a kusitolo, alonda awiri amene malipiro awo sankafika n'komwe pa K100,000 ndipo sanakhudzidwe. Dzina la a Mbewe eni ake linalinso pamndandandawo, ndipo atafika pamenepo anangopukusa mutu. Atamaliza anasindikiza pepalalo, anakonza kolala, n'kulowera ku ofesi ya abwana akulu. Chitseko chinatsekeka.

Tiyamike anatuluka ndi timapepala tinayi m'manja. A Gama anali pakhonde, akutsuka makapu a tiyi m'beseni.

"Zatha bwanji, mwanawe? Sanakukalipire?"

"Ayi. Anakudulani mopitirira, bambo. K40,000. Akuti akonza, koma tsiku lake sananene."

A Gama anaimika kapu m'mwamba, madzi akudontha. Milomo yawo inkayenda, akuwerengera chamumtima.

"Mtsikana wanga wa Fomu 3 anamubweza sabata yatha chifukwa cha fizi," anatero. Anapukuta manja pa thalauza, analandira timapepalato ndi manja awiri, n'kutibwezera m'jumbo ya shuga ija. "Mwezi wamawa ndikalandira kena, ndidzayamba ndakuonetsa iwe."

Kuseri kwa chitseko chija mawu a abwana akulu anayamba kukwera. Tiyamike anabwerera pa tebulo lake, anakoka mulu wa mainivoisi a simenti, n'kunyowetsa chidindo.